Chifukwa chomwe mitundu ya pasikirini imasinthira papepala

Dandaulo lomwe osindikiza m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amalimva kawirikawiri ndi lakuti zomwe zatuluka m'makina sizikufanana ndi zomwe mwini ntchito adaona pafoni kapena pakompyuta. Buluu wowala uja watuluka ngati pepo, nkhope za anthu zada, chithunzi chachita mbuu, ndipo m'mphepete mwa pepala mwatsala kamzere koyera komwe sikadaliko. Mwini ntchito amaloza chala osindikiza, osindikiza nawo amaloza fayilo yomwe adalandira. Nthawi zambiri vuto limakhaladi mufayilo, ndipo poti makina amasindikiza zomwe apatsidwa, amene amalipira kachiwiri ndi mwini ntchito.

Gwero la zonsezi ndi lakuti sikirini ndi pepala zimagwira ntchito mosiyana. Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pomwe pepala limangobweza kuwala komwe lalandira. Sikirini ili ndi malire osasuntha, pomwe pepala limadulidwa ndi mpeni. Chithunzi chomwe chikukwanira bwino pagalasi la foni chimayenera kutambasulidwa kuti chidzaze pepala. Ntchito ya wokonza dizaini ndi kuganizira zinthu zitatuzi fayilo isanachoke m'manja mwake.

Chitsanzo chimodzi chithandiza kuti nkhaniyi imveke. Kwaya ya mpingo wina ikufuna kusindikiza timapepala 1,000 toitanira anthu kumwambo wokhazikitsa chimbale chake. Kapepala kalikonse ndi ka saizi ya A5, yomwe ndi theka la pepala la A4, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Pakapepalapo pali buluu wodzaza tsamba lonse, chithunzi cha oimba chofika m'mphepete mbali zonse ziwiri, chizindikiro cha kwayayo, komanso timalemba ting'onoting'ono takuda tofotokoza tsiku, malo ndi mtengo wolowera pakhomo, tomwe tili m'kabokosi koyera.

Mamilimita atatu opita kumpeni

Palibe osindikiza amene angaike timapepala ta A5 m'makina kamodzikamodzi. Amasanja timapepala tingapo papepala lalikulu, kusindikiza, kenako n'kudula. Makina ambiri adijito amagwiritsa ntchito pepala lotchedwa SRA3, la mamilimita 320 ndi 450, ndipo pamenepa pamakwana timapepala ta A5 tinayi. Akatha kusindikiza amaunjika mapepala ambirimbiri n'kuwadula pamodzi ndi chimpeni chachikulu chotchedwa gilotini.

Apa ndi pomwe vuto limayambira. Pepala likamadutsa m'makina limasuntha pang'ono, ndipo mpeni ukamatsika pamulu wa mapepala, apamwamba ndi apansi sadulidwa pamalo amodzi ndendende. Kusiyanako kumatha kufika milimita imodzi, ngakhale makina atakhala abwino ndipo wodulayo ndi katswiri. Ngati buluu wa kwaya uja wathera ndendende pamzere wodulira, mpeni ukaphonyera kunja ndi theka chabe la milimita, m'mphepete mutsala kamzere koyera. Kamzereko n'kakang'ono, koma pambali pa buluu diso limakaona msanga kuposa china chilichonse patsambalo.

Mankhwala ake ndi omwe osindikiza amawatcha bulidi, ndipo m'mapulogalamu a kompyuta dzinali limalembedwa kuti Bleed. Tanthauzo lake ndi lakuti mtundu kapena chithunzi chilichonse chomwe chikuyenera kufika m'mphepete chipitirire mzere wodulira ndi mamilimita atatu mbali zonse zinayi. Choncho fayilo ya kapepala ka A5 imakhala ya mamilimita 154 ndi 216. Gawo lopitiriralo limadulidwa n'kutayidwa, ndipo mpeni ukaphonya pang'ono umadulabe pabuluu.

Mpeni ungaphonyerenso mkati. N'chifukwa chake malemba, nambala za foni ndi chizindikiro cha kwaya ziyenera kutalikira mzere wodulira ndi mamilimita osachepera atatu, ndipo asanu ndiwo abwino koposa. Chomwe chimavutitsa kwambiri ndi mzere wokongoletsera wozungulira tsamba pafupi ndi m'mphepete. Mzere wotere ukakhala mamilimita awiri kuchokera pomwe adule, mpeni n'kusuntha milimita imodzi, mbali ina patsala milimita imodzi pomwe inayo patsala atatu, ndipo kapepala konse kamaoneka kokhota. Wokonza wanzeru amausunthira mkati ndithu mzerewo, apo ayi amangousiya.

Fayilo ikabwera yopanda bulidi, osindikiza amatsala ndi njira ziwiri, zonse zosakoma. Amakulitsa dizaini yonse pang'ono kuti ipitirire malire, zomwe zimakankhira malemba kufupi ndi mpeni, kapena amadula mkati mwa dizainiyo ndipo kapepala kamatuluka kochepa kuposa A5. Ena amachita izi osafunsa, makamaka ntchito ikakhala yachangu. Kukonza bulidi pachiyambi sikutenga mphindi. Mu InDesign ndi Illustrator muli malo olembapo 3 mm potsegula tsamba latsopano. Mu Photoshop njira yachidule ndi kuyamba ndi tsamba la 154 ndi 216 n'kuika mizere yosonyeza podulira. Mu Canva munthu amasankha PDF Print potsitsa fayilo n'kuchonga pa Crop marks and bleed. Komabe kuchongako pakokha sikukwanira: chithunzi ndi mtundu wakumbuyo ziyenera kukokedwa mpaka zitadzaza malo opitirirawo.

Kuwerengera mapikiselo

Chithunzi cha pafoni kapena pakamera chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono ta mitundu totchedwa mapikiselo. Chiwerengero chawo chimakhazikika pomwe chithunzi chajambulidwa. Chomwe chimasintha posindikiza ndi kukula kwa malo omwe mapikiselowo ayalidwapo. Akapanikizana pamalo aang'ono chithunzi chimaoneka chakuthwa, koma akatambasulidwa pamalo aakulu, diso limayamba kuona timabokosito kapena chithunzi chimachita mbuu. Muyeso wake ndi chiwerengero cha mapikiselo pa inchi imodzi, chomwe pakompyuta chimalembedwa ppi, ngakhale ambiri adazolowera kunena dpi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4.

Pa zinthu zomwe munthu amawerenga atagwira m'manja, osindikiza amapempha mapikiselo 300 pa inchi. Nambalayi ili ndi chifukwa chake. Makina aakulu aofuseti sapaka mtundu ngati penti, koma amaika timadontho ta inki tosanjidwa m'mizere. Papepala losalala la magazini mizereyi imakhala pafupifupi 150 pa inchi, ndipo lamulo lomwe osindikiza amatsatira ndi lakuti mapikiselo achuluke kawiri kuposa mizereyo. Papepala la nyuzi mizere imakhala yotalikirana, pakati pa 85 ndi 100 pa inchi, kotero mapikiselo 200 amakwanira. Chinsalu chachikulu chopachika pakhoma, chomwe anthu amachiona ali patali mamita angapo, chimaoneka bwino ndi mapikiselo 100 ngakhale ochepera apo, ndipo zikwangwani zam'mbali mwa msewu zimafuna ochepa kwambiri. Choncho 300 si lamulo la ntchito iliyonse. Zimatengera mtunda womwe diso likhale.

Kuwerengera kwake n'kosavuta:

```
mapikiselo = mamilimita ÷ 25.4 × 300
154 ÷ 25.4 × 300 = 1819
216 ÷ 25.4 × 300 = 2551
```

Tsamba lonse la kwaya, pamodzi ndi bulidi, likufunika mapikiselo 1819 ndi 2551. Chithunzi cha oimba, poti chikudutsa tsamba lonse m'lifupi, chikufunika mapikiselo pafupifupi 1819 kuchoka kumanzere kufika kumanja.

Foni yamakono yojambula zithunzi za mapikiselo 4000 ndi 3000 imakwanitsa izi mosavuta, pakuti chithunzi chotere chingasindikizidwe bwino mpaka mamilimita 339 ndi 254. Koma kawirikawiri chithunzi sichifika kwa wokonza momwe chidajambulidwira. Chimadzera pa WhatsApp, ndipo chikatumizidwa mwa nthawi zonse pulogalamuyi imachichepetsa, mbali yaitali n'kutsala ndi mapikiselo pafupifupi 1600, komanso imachifinya kuti chisadye intaneti yambiri. Mapikiselo 1600 akayalidwa pa mamilimita 154 amapereka 264 pa inchi. Apa palibe chodetsa nkhawa kwenikweni, ndipo owerenga ambiri sangaone kusiyana. Vuto limabwera wokonza akadula chithunzicho kuti nkhope za oimba zikule. Akatenga theka lapakati lokha, atsala ndi mapikiselo 800 pa mamilimita omwewo, kutanthauza 132 pa inchi, ndipo maso ndi mano a oimba ayamba kusungunuka. Zomwezo zingachitike kwaya itaganiza zogwiritsa ntchito chithunzi chonsecho pa positala ya A3: mapikiselo 1600 pa mamilimita 303 ndi 134 okha pa inchi. Positala yotere ingapiririke ikakhala patali, koma pakhomo la tchalitchi pomwe anthu amaima pafupi, kufooka kwake kumaonekera. Njira yozembera vutoli ndi kupempha wojambula kuti atumize chithunzi ngati Document kapena pa imelo, kuti chifike chathunthu.

Pali chinyengo china chomwe okonza ongoyamba kumene amadzinyenga nacho. Amatsegula chithunzi chaching'ono mu Photoshop, kupita pa Image > Image Size, kulemba 300 pomwe padali 72, n'kuganiza kuti zatheka. Ngati bokosi la Resample lachongedwa, pulogalamuyo imangopeka mapikiselo atsopano potengera oyandikana nawo. Fayilo imalemera, koma tsatanetsatane yemwe kamera sidajambule sabwera. Njira yoona ndi kuchotsa chongi pa Resample, kulemba 300, n'kuona kukula komwe pulogalamuyo ikuonetsa m'mamilimita. Kumeneko ndiye kukula kwenikweni komwe chithunzicho chingafike. Momwemonso nambala ya 72 yolembedwa m'chithunzi siyenera kuopsa munthu. Chithunzi cha mapikiselo 4000 ndi 3000 n'chachikulu, kaya chalembedwa 72 kaya 300.

Malemba ndi zizindikiro sizifunika kukhala mapikiselo n'komwe. Mapulogalamu monga CorelDRAW ndi Illustrator amazisunga ngati mavekita, kutanthauza mizere yofotokozedwa ndi masamu, yomwe imakula kufika paliponse osataya kuthwa kwake. Chizindikiro cha kwaya chojambulidwa pasikirini kuchokera patsamba la Facebook chimatuluka ndi m'mphepete mwa manomano, pomwe chomwecho chikapezeka ngati vekita chimatuluka choyera bwino. Pachifukwa chomwechi, kutumiza dizaini yonse ngati chithunzi cha JPEG kumafooketsa timalemba ting'onoting'ono.

Kuwala ndi inki

Nkhani ya mitundu ndiyo imabweretsa mikangano yambiri, ndipo ndi yomwe singathetsedwe kotheratu. Sikirini yozima ndi yakuda. Ikayaka, pikiselo iliyonse imatulutsa kuwala kwa mitundu itatu, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo dongosololi limatchedwa RGB. Mtundu uliwonse uli ndi milingo kuyambira 0 mpaka 255. Yonse itatu ikafika 255 pamaoneka poyera, chifukwa kuwala kukamaphatikizana kumawonjezereka.

Pepala limayamba lili loyera, ndipo kuyerako ndi kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyale komwe likubweza. Inki ikapakidwa imameza gawo lina la kuwalako. Inki ya sayani, yomwe ndi buluu wotuwirako, imameza kuwala kofiira. Ya majenta, yofiirira ngati pinki wakupsa, imameza kobiriwira. Yachikasu imameza kwabuluu. Inki iliyonse yowonjezeredwa imachepetsa kuwala kobwerera m'maso, choncho kusakaniza inki kumadetsa pomwe kusakaniza kuwala kumawalitsa. Zitatuzi zikasakanizidwa sizipereka kuda kwenikweni koma mtundu wakuda mothimbirira, n'chifukwa chake pamawonjezeredwa inki yachinayi, yakuda. Dongosololi ndilo CMYK, ndipo inki iliyonse imayezedwa kuyambira 0 mpaka 100 peresenti.

Zotsatira zake n'zakuti pali mitundu ina yomwe sikirini imaonetsa koma inki zinayizi sizingaipange. Buluu wowala kwambiri, kubiriwira konyezimira, olenji woyaka ndi pepo wowala ndi ina mwa iyo. Fayilo ya RGB ikasinthidwa kukhala CMYK, pulogalamu imasaka mtundu wapafupi womwe inki ingakwanitse, ndipo wapafupiwo umakhala wozizirako. Palibe luso lomwe lingabwezeretse kuwalako, pokhapokha osindikiza atagwiritsa ntchito inki yapadera yosakaniziratu, monga ya Pantone, yomwe imakweza mtengo ndipo malo ambiri osindikizira mwachangu sakhala nayo.

Buluu wa kwaya ndi chitsanzo chodziwika bwino pantchitoyi. Wokonza wasankha buluu weniweni wa pasikirini, R0 G0 B255. Kuti inki itsanzire buluu wotere imafuna sayani ndi majenta zambiri, pafupifupi mofanana. Koma inki sizimeza kuwala mwangwiro, ndipo majenta ikayandikira kuchuluka kwa sayani mtunduwo umapendekera ku pepo. Chovuta n'chakuti pasikirini umatha kuonekabe wabuluu, pepoyo n'kudzaonekera papepala. Osindikiza ali ndi lamulo lapamtima pankhaniyi: majenta ichepe ndi mapointi osachepera 30 poyerekeza ndi sayani. Buluu wa C100 M70 Y0 K0 amatuluka wabuluu ndithu, pomwe wa C100 M100 Y0 K0 amatuluka wopita ku pepo. Wokonza amene walemba yekha nambalazi amadziwa chomwe chituluke, pomwe wosiyira makina amangodikira mwayi.

Chifukwa chachiwiri chomwe mitundu imasinthira ndi pepala lenilenilo. Kadontho ka inki kakafika papepala kamafalikira pang'ono n'kukula, monga amachitira madzi akadonthera pansalu. Papepala losalala lonyezimira, malo omwe fayilo yanena kuti pakhale inki 50 peresenti amaoneka ngati pali 63 mpaka 66. Papepala la nyuzi, lomwe limamwa inki kwambiri, amapitirira 70. Kukula kwa timadonthoku ndiko kumadetsa zithunzi, ndipo kumavutitsa kwambiri pankhope za anthu akhungu lakuda. Nkhope yomwe pasikirini ikuoneka bwino, mphumi ndi masaya zikuwala, imatha kutuluka ngati chithunzithunzi chopanda maso ngati idajambulidwa pamthunzi kapena m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira. Wokonza wodziwa ntchito amawalitsa pang'ono mbali zamdima za chithunzi asanatumize, makamaka ngati pepala lake ndi losanyezimira. Kuyera kwa pepala nakonso kumalowerera. Inki imaonetsa zapansi pake, kotero papepala lotuwa kapena lachikasu pang'ono mitundu yonse imatengera kutuwako.

Chachitatu ndi sikirini yomwe. Mafoni ndi makompyuta ambiri amagulitsidwa atawalitsidwa kwambiri ndipo mitundu yake ndi yokokomeza, kuti akope wogula. Kuyera kwa sikirini kumapendekera ku buluu, pamlingo wa makelivini 6500, pomwe osindikiza amayeza mitundu pansi pa nyale ya makelivini 5000. Fayilo imodzi ikatsegulidwa pamafoni atatu a atsogoleri a kwaya idzaoneka mosiyana katatu, kotero funso lakuti pepala lifanane ndi foni ya ndani lilibe yankho. Pepala nalo limasintha maonekedwe malinga ndi nyale. Kapepala komweko kamaoneka mwina pansi pa babu lachikasu, mwinanso panja padzuwa.

Chomwe chimalumikiza zonsezi ndi kafayilo kotchedwa pulofayilo ya mitundu, komwe kamafotokoza momwe makina ena ake, inki yake ndi pepala lake zimatulutsira mitundu. Mapulofayilo odziwika ndi monga Coated FOGRA39, ya mapepala onyezimira, yomwe idachokera ku bungwe lofufuza za kusindikiza la Fogra ku Germany, ndi U.S. Web Coated (SWOP) v2, yomwe Photoshop imakonda kuyambira. Palibe CMYK imodzi yokwanira paliponse, ndipo funso loyamba kwa osindikiza liyenera kukhala la pulofayilo yomwe amagwiritsa ntchito. Ikadziwika, Photoshop imatha kuonetseratu momwe mitundu izizirire kudzera pa View > Proof Colors, ndipo View > Gamut Warning imadetsa malo onse omwe inki singakwanitse. Kusintha kwenikweni kumachitikira pa Edit > Convert to Profile, ndipo kuyenera kuchitika kamodzi, kumapeto, pakope ya fayilo. Mtundu womwe watayika posintha subwerera ngakhale fayilo itabwezeredwa ku RGB, kotero choyambirira chisungidwe padera.

Sikuti nthawi zonse wokonza ayenera kusintha yekha. Makina ena adijito, ndi ena osindikiza zinsalu zikuluzikulu omwe ali ndi inki zoposa zinayi, amatulutsa mitundu yowala kuposa ofuseti, ndipo eni ake ena amakonda kulandira RGB kuti makinawo asinthe okha. Chofunika ndi kufunsa. Amene amakonza zinthu mu Microsoft Word adziwe kuti pulogalamuyi imatulutsa RGB basi, ndipo mu Canva mwayi wotsitsa fayilo ya CMYK uli kwa olipira okha.

Kuda kwa mitundumitundu

Timalemba takuda ta kwaya tija tili ndi msampha wawo. Kuda kwa RGB, komwe ndi R0 G0 B0, kukasinthidwa ndi pulofayilo ya SWOP kumasanduka C75 M68 Y67 K90. Pasikirini palibe kusiyana kulikonse, koma m'makina aofuseti inki iliyonse ili ndi puleti yake, chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu, ndipo pepala limalandira inkizo motsatizana. Kalemba kakang'ono kopangidwa ndi inki zinayi kamafuna kuti mapuleti onse agwere pamalo amodzi ndendende. Imodzi ikasuntha pang'ono chabe, m'mbali mwa zilembo mumaoneka timizere tofiira kapena tabuluu, ndipo tsiku la mwambo limavuta kuwerenga. Malemba ang'onoang'ono akuda ayenera kukhala a inki yakuda yokha, C0 M0 Y0 K100. Pachifukwa chomwechi, timalemba toyera topyapyala pamwamba pa mtundu wa inki zingapo timatha kutsekeka, ndipo ndi bwino kutikulitsa kapena kutinenepetsa.

Malo aakulu akuda ndi nkhani ina. Inki yakuda yokha ikadzaza theka la tsamba imaoneka yotuwa ngati makala ozima, choncho okonza amaithandizira ndi zinazo, mwachitsanzo C60 M40 Y40 K100. Koma pepala lili ndi malire a inki yomwe lingasenze. Nambala zinayizo zikaphatikizidwa, chitsanzochi chikupereka 240 peresenti. Papepala lonyezimira malire amakhala pakati pa 300 ndi 330, pomwe papepala la nyuzi ndi pakati pa 220 ndi 240. Kupitirira apo inki imachedwa kuuma, imadetsa kumbuyo kwa pepala lomwe lasanjikidwa pamwamba, ndipo nthawi zina mapepala amamatirirana. Mtundu wolembedwa Registration m'mapulogalamu umaoneka wakuda bwino, koma uli ndi inki zonse zinayi pa 100, zomwe ndi 400 peresenti. Ntchito yake ndi ya timizere tothandiza osindikiza kulunjika mapuleti, ndipo suyenera kulowa mudizaini.

Fayilo yomaliza ndi pulufu

Fayilo yopita kwa osindikiza ikhale ya PDF, makamaka ya mtundu wa PDF/X-1a kapena PDF/X-4, yomwe idakonzedwera kusindikiza. Woyambawo sulola RGB, pomwe wachiwiriwo umalola zithunzi za RGB zokhala ndi pulofayilo yake. Mitundu yonse iwiri imakakamiza kuti mafonti, omwe ndi maonekedwe a zilembo, alowe mufayilo momwemo. Izi n'zofunika chifukwa fayilo ya CorelDRAW kapena Word ikatsegulidwa pakompyuta yopanda fonti yomwe wokonza adagwiritsa ntchito, kompyutayo imaikapo ina, mizere n'kusokonekera. Pachichewa ngoziyi ndi yaikulu pa chilembo cha ŵ, chomwe mafonti ambiri okongoletsera alibe, ndipo pamalo pake pamatha kutuluka kabokosi kopanda kanthu. Ogwiritsa ntchito CorelDRAW amapewa izi posandutsa malemba kukhala mizere kudzera pa Convert to Curves, koma akatero malembawo sakonzekanso, choncho kope yoyamba isungidwe.

Asanatumize, wokonza atsegule PDF ija n'kuikulitsa katatu kapena kanayi pasikirini. Chithunzi chofooka ndi chizindikiro cha manomano zimaonekera pomwepo. Aone ngati buluu wapitirira timizere todulira mbali zonse zinayi. Amene ali ndi Acrobat Pro angagwiritse ntchito Output Preview, pomwe amatha kuzimitsa inki yakuda: malemba akuda akasowa onse ndiye kuti ali bwino, koma akatsala akuoneka ndiye kuti ali ndi inki zinayi.

Chomaliza ndi pulufu, kutanthauza kope imodzi yosindikizidwa ntchito yonse isanayambe. Pamakina adijito izi n'zosavuta, chifukwa pepala limodzi la SRA3 lotuluka m'makina omwewo, papepala lomwelo, limaonetsa ndendende momwe timapepala 1,000 tija titulukire, ndipo ntchito yonseyo ndi mapepala 250 okha. Paofuseti pulufu imachokera m'makina ena otsanzira, kotero ingasiyane pang'ono ndi zotsatira, ndipo kusintha kanthu mapuleti anayi atapangidwa kale kumafuna kulipira mapuleti atsopano. Pulufu yotumizidwa pafoni imathandiza kuona ngati tsiku ndi mayina zalembedwa molondola, koma siinena chilichonse za mitundu, pakuti yabwereranso pasikirini. Ya papepala iyang'aniridwe pafupi ndi zenera masana, osati pansi pa babu lachikasu, ndipo amene ali ndi mphamvu yovomereza m'malo mwa kwaya ndiye aione ndi maso ake. Malo ambiri osindikizira amapempha kuti mwini ntchito asayine papulufupo, ndipo akasayina, cholakwika chilichonse chomwe chidali papepalalo chimakhala chake.